Litsipa la M'mawa Lochokera ku Nsagwada

Kwa Mposa, kumene phiri la Chikala limatsetserekera ku madambo a nyanja ya Chilwa, munthu akadzuka mutu ukuwawa amayamba waganiza malungo. Sitingamudzudzule, chifukwa udzudzu wa m'mbali mwa nyanja ndi m'minda ya mpunga suchita kusakidwa, ndipo malungo atengadi anthu ambiri. Koma ulipo mutu wina umene udzudzu sukhudzidwa nawo. Umabwera tambala akulira, umagwira mbali zonse ziwiri pakati pa diso ndi khutu, subwera ndi kutentha thupi, ndipo dzuwa likamafika pamutu umakhala utazilala wokha. Mwini wake amauiwala mpaka m'mawa mwake. Mutu umenewu unadyera bambo wina wa kuderali ndalama zambiri ndi dzino limodzi, ndipo mano ena otsalawo unawasiya ataperepeseka.

Bamboyu ntchito yake inali yopikula nsomba. Ankagula matemba ndi makumba padoko la Mposa, n'kuyanika, n'kupakira m'dengu panjinga kukagulitsa ku Liwonde. Chaka cha 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa kwambiri, monga inachitiranso mu 1995 ndi mu 2012. Mabwato anatsala pamatope. Asodzi ambiri anasamukira ku nyanja zina, ndipo munthu amene mpamba wake wonse unali m'nsomba anatsala ndi njinga, ana asanu ndi ngongole ya katapila imene inkakula mwezi ndi mwezi. Tulo tinayamba kuvuta. Madzulo ankakhalitsa m'tiyirumu kumwa tiyi wakuda bii makapu awiri kapena atatu, akumvetsera za mitengo ndi za mvula, ndipo asanalowe m'nyumba ankapichira chingambwe kuti mtima ukhale pansi.

Mutu unayamba nthawi imeneyo. Ulendo woyamba anachita bwino: anapita kuchipatala, anamubaya chala, ndipo anamuuza kuti malungo alibe. Koma yankho limenelo silinamukhutitse. Anaganiza kuti kachipangizo kaphonya, choncho anakapeza yekha mankhwala a malungo n'kumwa. Mutu sunasinthe. Anamwanso kachiwiri patapita milungu ingapo. Kenako achibale anati ndi litsipa, n'kumutengera kwa munthu wotema mphini, amene anamutema m'mbali mwa mutu momwe munkawawamo. Wotema mphiniyo malo anawaloza molondola, koma chimene chinali pansi pa khungu pamenepo sichinali magazi oipa. Unali mnofu wotopa.

Ikani zala zanu m'mbali mwa mutu, pamwamba pang'ono pa mzere wochoka pa diso kupita ku khutu, ndiye mulume mano mwamphamvu. Mumva chinthu chikutukumuka pansi pa zala. Umenewo ndi mnofu wotambalala umene umayambira m'mbali mwa chigaza n'kutsikira ku nsagwada, ndipo ntchito yake ndi kutseka pakamwa. Tsitsani zala pa tsaya, chakumbuyo pafupi ndi pamene nsagwada imakhotera, mulumenso. Pamenepo pali unzake, waufupi ndi wonenepa, umodzi mwa minofu yamphamvu kwambiri m'thupi poyerekeza ndi kukula kwake. Anthu ambiri sadziwa kuti mnofu wotafunira umafika mpaka m'mutu. N'chifukwa chake ukatopa sanena kuti nsagwada ikuwawa. Amati mutu.

Minofu imeneyi inapangidwa kuti izigwira ntchito pang'onopang'ono n'kumapuma. Munthu akakhala chete, milomo imatsekeka koma mano a m'mwamba ndi a m'munsi sakhudzana. Pamakhala kampata ka mamilimita awiri kapena atatu. Mano amakumana potafuna ndi pomeza basi, ndipo mukaphatikiza nthawi yonseyo pa tsiku lathunthu imangokwana mphindi 20 kapena kucheperapo. Tsono wokukuta mano m'tulo amaipatsa minofuyi ganyu wausiku. Tulo ta munthu aliyense timadukizadukiza ndi kudzidzimuka kwakung'ono kwa masekondi ochepa, kumene mwini wake sakukumbukira m'mawa. Pa kudzidzimuka kotereku mtima umafulumira pang'ono, mpweya umasintha, ndipo mwa anthu ena nsagwada imatsatira: imaluma zolimba kapena kupera mano uku ndi uku. Zikatha zimabweranso, kangapo pa ola, usiku wonse. Masana mukaluma kamwala mumpunga, pakamwa pamatseguka pokha musanaganize n'komwe. M'tulo chitetezo chimenecho chimafooka, ndipo pakati pa mano palibe chakudya chofewetsa mphamvuyo. Dzino limakumana ndi dzino.

Munthu mmodzi yekha m'nyumba mwa bambo uja ankadziwa zimenezi, ngakhale sankadziwa kuti zikugwirizana ndi mutu. Mkazi wake anamuuzapo m'mawa wina akumupatsa madzi osamba.

“Bambo a ana, usiku mumakukuta mano ngati mukutafuna chimanga chokazinga. Ine tulo sindikutiona.”

“Mayi, ine ndine mwana? Okukuta mano ndi ana a njoka za m'mimba. Mumalota inu.”

Nkhani inathera pomwepo, ndipo apa ndi pamene ndimamva chisoni kwambiri. Umboni umene adokotala akanaufuna poyamba unali m'nyumba momwemo, waulere, koma unakanidwa chifukwa cha manyazi. Kukukuta mano si kwa ana okha. N'zoona kuti ana amakukuta kwambiri ndipo ambiri amasiya akamakula, koma mwa akuluakulu, pafupifupi mmodzi mwa anthu khumi aliwonse amachita zimenezi m'tulo. Za njoka za m'mimba zimanenedwa m'maiko ambiri, koma ofufuza sanapeze umboni wolimba woti ndizo zimayambitsa. Zimene zapezeka mobwerezabwereza kuti zimayendera limodzi ndi vutoli ndi nkhawa, fodya, mowa, tiyi kapena khofi wambiri makamaka madzulo, kubanika m'tulo kwa anthu a mkonono waukulu, ndi mankhwala ena a matenda a maganizo. Osuta amakukuta pafupifupi kawiri kuposa osasuta. Chingambwe chimene bamboyu ankati chimamugoneka ndicho chinkadukiza tulo take, pakuti chikonga cha mufodya chimadzutsa ubongo. Tiyi wa madzulo uja ankathandizira zomwezo.

Atalephera malungo ndi mphini, anakhazikika pa mapiritsi a paokala. Awiri a panado akangodzuka, ndipo masiku ovuta ankawonjezera ena aja osakaniza ndi kafeini amene amagwira msanga. Ankaona ngati akuthandiza, chifukwa pofika 10 koloko mutu unkapepuka. Sankadziwa kuti mutu wa mnofu wotopa umapepuka wokha nthawi imeneyo, nsagwada ikayamba kuyenda ndi kutenthedwa. Mapiritsiwo ankalandira ulemu wa ntchito imene sanagwire yonse.

Mvula yamphamvu ya mwezi wa Malichi 2019, ija inabwera ndi namondwe wa Idai, inadzazanso nyanja. Patapita nthawi nsomba zinayamba kuoneka, njinga inabwerera pamsewu, ngongole inayamba kutsika. Mutu sunachoke. Unafika poipirapo: tsopano unkabwera pafupifupi tsiku lililonse, ndipo sunkathanso masana. Bamboyu anayamba kukhulupirira kuti alipo amene akumuchitira nsanje pa malonda.

Chimene chinachitika n'chodziwika bwino kwa a zaumoyo. Mankhwala opha ululu akamamwedwa pafupipafupi chifukwa cha mutu, amayamba kubala mutu wawowawo. Malire ake alipo: panado, asipulini kapena bulufeni masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, kwa miyezi yoposa itatu, ndipo osakaniza aja, monga okhala ndi kafeini, masiku 10 okha pa mwezi akwanira. Chowerengedwa ndi masiku, osati kuchuluka kwa mapiritsi pa tsiku, choncho munthu womwa awiri okha m'mawa uliwonse, amene amadziona ngati wosamala, ali kale mkati. Mphamvu ya mankhwala a dzulo ikatha usiku, mutu umadzuka nawo m'bandakucha, munthu n'kumwanso. Bambo uja tsopano anali ndi mitu iwiri, wa nsagwada ndi wa mapiritsi, wina pamwamba pa unzake.

Chimene chinamufikitsa kwa woona za mano sichinali mutu. Tsiku lina akupuma panjira analuma nzimbe, n'kumva kuti thu! chakumbuyo kumanzere. Dzino la chibwano la m'munsi, lopanda bowo ngakhale pang'ono, linang'aluka pakati mpaka kumuzu. Linali litayamba kale kumuchenjeza: kwa miyezi ingapo linkalasa akaluma chinthu cholimba, makamaka pomasula mano, ndipo madzi a mumtsuko ankawamwera mbali imodzi. Dzino long'aluka mpaka kumuzu silimatika. Analizula.

Wozulayo asanamulole kupita anamuuza kuti ayasamulenso, n'kuyang'ana pakamwa ponse.

“Bambo, kodi m'mawa mutu umakuwawani?”

“Adokotala, mwadziwa bwanji? Ine ndabwerera dzino.”

Anamupatsa kagalasi kuti adzionere. Mano osongoka aja a m'mbali, amene mwa munthu wamkulu amayenera kukhala ndi nsonga, anali osalala ngati odulidwa. Mano akutsogolo anali afupi ndi ofanana msinkhu, m'mphepete mwake mukuoneka kamzere kachikasu, kusonyeza kuti chikuto choyera cholimba chatha ndipo mkati mofewa mwayamba kuonekera. Atamuuza kuti asunthire nsagwada kumbali, malo operepeseka a m'mwamba anagona ndendende pa a m'munsi, umboni woti anaperana okhaokha, si chakudya. M'kati mwa masaya munali mzere woyera wotukuka motsatira pamene mano amakumanira, ndipo m'mbali mwa lilime munali madindo a mano. Kenako dokotalayo anakanikiza ndi chala pa mnofu wa m'mbali mwa mutu, pafupi ndi zipsera za mphini zija, n'kugwira kwa masekondi angapo.

“Ululu umenewu mukuudziwa?”

“Ndi womwewo. Ndi mutu wanga wa m'mawa umenewo.”

Funso limeneli ndilo lofunika kuposa onse, ndipo mukhoza kudzifunsa nokha. Mnofu uliwonse ukakanikizidwa kwambiri umawawa, choncho kuwawa pakokha sikunena kanthu. Chofunika ndi chakuti ululu wobwerawo ukhale uja mumaudziwa kale. Mano operepeseka nawonso paokha sakwanira kugamula mlandu: amanena za zaka zapita, ndipo munthu akhoza kukhala nawo atasiya kukukuta kalekale. Komanso alipo ambiri amene amakukuta usiku uliwonse koma mutu suwawawa. Ndipo ena samveka phokoso n'komwe, chifukwa amangoluma zolimba osapera. Iwowa amadzuka nsagwada ili yolemera, kuyasamula kukuvuta, mwina zala zitatu zoimika osalowa pakati pa mano akutsogolo monga zimalowera mwa munthu wabwinobwino. Zizindikiro zikakumana, mutu wa m'bandakucha wa mbali zonse, nsagwada yotopa, umboni wa wogona naye, ndi ululu wodziwika pokanikiza, pamenepo m'pamene tinganene kuti gwero lapezeka.

Zimene anauzidwa kuchita sizinafune ndalama. Choyamba chinali chowawa: kusiya mapiritsi a m'mawa uliwonse. Anachenjezedwa kuti mutu udzakula kaye kwa masiku angapo, mwina mpaka milungu iwiri, usanayambe kutsika, ndipo kuti ambiri amagonja pamenepo poganiza kuti matenda akula. Atadutsa pamenepo, mapiritsi azikhala a masiku ovutitsitsa okha, osapitirira masiku awiri pa mlungu. Tiyi azimwa m'mawa ndi masana, dzuwa likapendeka ayi. Fodya, ngati kusiyiratu kukukanika, asamasute pa maola omaliza asanagone. Madzulo ndi m'mawa aziviika kansalu m'madzi ofunda, osati owotcha, n'kuthowa pa masaya ndi m'mbali mwa mutu kwa mphindi 10 kapena 15, kenako kusisita mofatsa ndi nsonga za zala. Kwa milungu ingapo apumitse nsagwada: nzimbe, chimanga chokazinga, chingamu ndi nyama yolimba aziike pambali, ndipo asamagone chafufumimba atatsamira chibwano pa mkono.

Langizo limene iye analiona ngati lachibwana ndilo linagwira ntchito kwambiri. Anauzidwa kuti masana azidzifunsa kuti mano ali pati. Atayamba kutero anadabwa: pokwera mtunda ndi dengu lodzaza, mano anali olumana, powerenga ndalama, olumana, potsutsana mtengo ndi asodzi padoko, olumana. Minofu imene inkagwira ganyu usiku sinkapumanso masana. Kukukuta kwa m'tulo munthu sangakuletse ndi kufuna kwake, koma kuluma kwa masana angathe: milomo itsekeke, mano alekane, lilime ligone momasuka kuseri kwa mano a m'mwamba. Anamanga kachingwe kofiira pa handulo ya njinga kuti akakaona azimasula nsagwada. Patatha miyezi iwiri mutu unkabwera mwa apo ndi apo. Mkazi wake ankamvabe phokoso masiku ena, makamaka malonda akavuta, ndipo izi n'zoyembekezeka: vutoli limakwera ndi kutsika motsatira moyo wa munthu, silichoka ngati malungo.

Chilipo chipangizo chimene madokotala a mano amapanga, kapulasitiki kolimba koumbidwa motsatira mano a munthuyo, kovala usiku. Tinene zoona za kapulasitikika: kamateteza mano kuti asaperane, ndipo ena kamawachepetsera ululu, koma sikaletsa nsagwada kuluma. Kamafuna woyeza ndi wokonza wodziwa, ndipo kwa munthu wa kwa Mposa zimenezi zimatanthauza ulendo ndi ndalama. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku Blantyre, pa sukulu imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Poyambira pabwino ndi chipatala chaching'ono cha Mposa, kumene angakuyezeni malungo ndi kuthamanga kwa magazi, n'kukutumizani ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde kuti akaone mano. Chimene ndikukupemphani kuti musachite ndi kugona mutaluma kansalu, kamtengo kapena kalabala kodula nokha. Chinthu chosagwira mano chikhoza kutsamwitsa munthu m'tulo.

Tsono pasapezeke wowerenga nkhaniyi n'kuyamba kutcha mutu uliwonse wa m'mawa kuti ndi nsagwada. Kumeneko kungakhale kulakwa koopsa kuposa kwa bambo uja. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, kukayezetsa malungo. Ukabwera ndi kuuma khosi, kusanza kapena kusokonekera, musadikire ngakhale kuti kuche. Mutu wogwa mwadzidzidzi mwamphamvu kuposa uliwonse umene munaumvapo, kapena wobwera ndi kufooka mbali imodzi, kupotoka pakamwa kapena kusaona bwino, ndi wothamangira nawo. Mayi woyembekezera amene mutu ukumuwawa, nkhope ndi manja zikutupa, akayezetse kuthamanga kwa magazi msanga. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, ngati a m'nyumba monse adzuka mutu ukuwawa ndi chizungulire atagona ndi mbaula chitseko chili chotseka, vuto ndi mpweya wa makala, ndipo umapha.

Ziwiri zina zimafanana kwambiri ndi kukukuta moti zimasokoneza. Munthu amene amadzuka mutu ukuwawa, thupi lonse lili lophwanyika, lilime lolumidwa m'mbali mpaka magazi, mwina atakodzera pogona, akhoza kukhala kuti amagwa khunyu m'tulo. Mankhwala ake alipo ku chipatala. Ndipo nsagwada imene yauma n'kukana kutseguka patapita masiku munthu atalasidwa ndi msomali, mbedza kapena chitsa m'matope, si kutopa kwa mnofu. Akhoza kukhala kafumbata, ndipo ola lililonse lochedwa limawerengedwa. Palinso a mkonono waukulu amene amaleka kupuma kwa kanthawi n'kudzidzimuka mobanika, masana n'kumangosinza. Iwowa amakukutanso mano kawirikawiri, koma chofunika kuchiza ndi kupumako, ndipo kapulasitiki kaja sayenera kukavala asanaonedwe ndi dokotala.

Zonsezi, kupatula kutentha thupi ndi zilonda, amaziona bwino ndi munthu amene ali maso pamene wodwala ali m'tulo. Choncho mawu anga akupita kwa inu amene mumagona pambali pa wokukuta mano, kaya ndinu mayi, bambo, kapena mbale wogona naye chipinda chimodzi. Mvetserani kwa mausiku angapo: kodi ndi phokoso la mano lokha, kapena pali mkonono wodukiza, kapena kugwedezeka kwa thupi lonse? M'mawa mufunseni pamene pakuwawa ndipo muwerenge masiku amene wamwa mapiritsi mwezi uno. Akakana ngati bambo uja, musaleke. Mukapita naye kuchipatala lowani naye limodzi, ndipo mukawauze adokotala zimene mumamva usiku.